Kachotupa kakula, kapena ndi chithunzi chasintha?

Funso limene dokotala wa m'wodi amalemba pa fomu yopempha ekisireyi ya m'chifuwa nthawi zambiri limakhala lalifupi: "Kodi kakula?" Apa amakhala akunena kachotupa ka m'phapo. Akakhala madzi ozungulira phapo, amafunsa ngati aphwera. Wowerenga amatsegula zithunzi ziwiri pa kompyuta, chakale kumanzere chatsopano kumanja, ndipo dzanja limathamangira kuyeza. Ine ndimati kuyeza kudikire kaye. Chithunzi cha ekisireyi ndi mthunzi, ndipo mthunzi umakula kapena kuchepa mwini wake ali chimodzimodzi. Ikani dzanja pakati pa nyali ndi khoma, kenako mulisendeze kufupi ndi nyaliyo: pakhoma pamaoneka chidzanja, pomwe dzanja lanu ndi lomwe lija.

Tiyerekeze ndi bambo wa zaka 58 amene wakhala akusuta fodya kwa zaka zambiri. Wagonekedwa usiku akubanika, ndipo poti sakanatha kuima, amujambulira pabedi ndi makina oyenda nawo. M'phapo la kumanja, chakumtunda, muli kamthunzi kozungulira ka mamilimita 16. Chithunzi cha miyezi itatu yapitayo chikuonetsa kamthunzi komweko, pamalo omwewo, ka mamilimita 12. Kamthunzi kotere, kozungulira, kozingidwa ndi phapo ndiponso kosapitirira masentimita 3, ndi kamene tikukatcha kachotupa. Kakapitirira pamenepo timati chotupa, ndipo mantha a khansa amakwera. Dokotala wachinyamata amene ali pa ntchito ya usiku walemba kale m'faelo kuti kachotupa kakula ndi mamilimita 4 m'masiku 90.

Tisanavomereze, tiwerenge timalemba ta m'mphepete mwa chithunzi, tomwe maso amakonda kulumpha. Pa chakale palembedwa PA. Pa chatsopano palembedwa AP. Pa PA wodwala amaima, chifuwa chake atachigunditsa ku kaseti, chipangizo cholandira chithunzi, cheza chikumulowa kumsana kuchokera pa mtunda wa masentimita pafupifupi 180. Pa AP ya pabedi kaseti amaiika kumsana, cheza chimalowera kutsogolo, ndipo makina nthawi zambiri amakhala pafupi, mwina masentimita 100 okha. Zinthu ziwiri zasintha nthawi imodzi: nyali yayandikira, ndipo chilichonse chimene chili kutsogolo kwa chifuwa chatalikira khoma.

Masamu ake ndi osavuta. Mthunzi umakulitsidwa motere:

```
M = SID / (SID - OID)
```

SID ndi mtunda wochokera pa makina kufika pa kaseti, OID ndi mtunda wochokera pa chinthu chimene chikujambulidwacho kufika pa kaseti. Tinene kuti chithunzi chakale chojambula cham'mbali chinaonetsa kuti kachotupa ka bamboyu kali kutsogolo, masentimita 5 kuchokera pakhungu la pachifuwa, ndipo chifuwa chake kuchokera kutsogolo kufika kumsana ndi masentimita 25. Pa PA timagawa 180 ndi 175, yankho 1.03, kutanthauza kuti mthunzi ndi chinthu n'zofanana ndithu. Pa AP kachotupa kali masentimita 20 kuchokera pa kaseti, ndiye timagawa 100 ndi 80, yankho 1.25. Kachotupa ka mamilimita 12 kangaoneke ka mamilimita 15 popanda kuwonjezera ngakhale selo limodzi. Pa mamilimita 4 aja, atatu ndi a makina. Ndi chifukwa chomwechinso chimene mtima umaonekera waukulu pa AP, zomwe aliyense amaphunzira m'chaka choyamba. Chodabwitsa n'chakuti anthu amakumbukira za mtima n'kuiwala kuti kachotupa nako kamamvera lamulo lomwelo. Kakanakhala kumbuyo, pafupi ndi msana, zikanatembenuka: pa AP kakanagona pafupi ndi kaseti, pa PA kakanatalikira, ndipo kusiyana kukanakhala kochepa kwambiri.

Manambala amene kompyuta imapereka nawonso sayenera kukhulupiriridwa mwakhungu. Makina ena amapereka muyeso wa mthunzi monga wagwera pa kaseti, ena amachotserako pang'ono poyerekeza kukulitsidwa kuja. Zithunzi zikachokera ku zipatala ziwiri zosiyana, njira yachidule ndi kuyeza chinthu chimene sichisintha, monga kupingasa kwa fupa limodzi la msana kapena kukhuthala kwa nthiti yoyandikana ndi kachotupako, pa zithunzi zonse ziwiri. Nthiti "ikakula" nayo, mwadziwa kale wolakwa.

Pali zina zitatu zimene ndimayang'ana ndisanayeze, ndipo sizitenga mphindi. Choyamba ndi mpweya umene wodwala anakoka. Pa chithunzi chabwino mumawerenga nthiti 6 za kutsogolo, kapena 9 mpaka 10 za kumbuyo, pamwamba pa dayafulamu, mnofu uja wolekanitsa chifuwa ndi mimba. Akapanda kukoka mokwanira mitsempha ya magazi imathithikana, m'munsi mwa mapapo mumayera, ndipo malire a kachotupa amasokonezeka ndi zoyandikana nako. Chachiwiri ndi kupotoka. Mafupa awiri opingasa a m'munsi mwa khosi ali ndi mitu imene imayang'anizana pakati. Mituyo iyenera kutalikirana mofanana ndi mzere wa timinga ta mafupa a msana. Wodwala akapotokera mbali imodzi, kachotupa kosazungulira bwino kamaonetsa nkhope ina, ndipo kangathe kubisala kuseri kwa nthiti kapena kutulukako. Chachitatu ndi mphamvu ya cheza: mafupa a msana azioneka pang'ono kudutsa mthunzi wa mtima. Pa kompyuta vutoli lavala malaya ena, chifukwa munthu angawalitse kapena kudetsa chithunzi mmene afunira, ndipo m'mphepete mwa kachotupa mumasuntha akatero. Zithunzi ziwirizo ziikidwe pa kuwala kofanana ndi kukula kofanana musanaike chizindikiro choyezera.

Pamakhalanso funso lochititsa manyazi pang'ono: kodi kali m'phapo n'komwe? Nsonga ya bere, njerewere ya pakhungu, pamene nthiti yothyoka inalumikizana, polumikizira nthiti yoyamba, ngakhale kachomata ka mawaya oyezera mtima, zonsezi zimapanga timithunzi tozungulira. Apa zithunzi zotsatizana zimathandiza mwa njira ina. Chinthu cha pa nthiti chimayenda ndi nthiti yake pa chithunzi chilichonse. Cha m'phapo chimasuntha poyerekeza ndi nthiti, malinga ndi mpweya umene wakokedwa. Nsonga ya bere imathetsedwa pomata kachitsulo kakang'ono pamenepo n'kujambulanso.

Tibwerere kwa bambo athu. Patapita masiku anayi apezako bwino, atha kuima, ndipo ajambulidwanso PA pa makina omwe aja a miyezi itatu yapitayo. Kachotupa n'ka mamilimita 13. Kuchoka pa 12 kufika pa 13 si kanthu koti munthu angalumbirirepo. Anthu awiri akayeza kachotupa komweko pa chithunzi chomwecho amasiyana ndi milimita imodzi kapena awiri, ndipo munthu mmodzi akayeza lero ndi mawa amadzitsutsa yekha. Ngakhale pa sikani ya CT, imene imaona bwino kuposa ekisireyi wamba, malangizo a 2017 a Fleischner, bungwe la akatswiri a zithunzi za m'chifuwa, amati kusintha kufike mamilimita 2 tisananene kuti kachotupa kakula. Ndiye wowerenga amapumira m'mwamba n'kulemba kuti palibe kusintha.

Apa ndi pamene pagona ngozi yeniyeni, yoposa ya usiku uja. Kulakwa kwa dokotala wachinyamata kukanangothamangitsa anthu. Kulakwa uku kumawagoneka tulo. M'nkhokwe ya zithunzi za bamboyu muli zina ziwiri zimene ulendo uno palibe anazitsegula, zonse za PA. Cha miyezi 7 yapitayo chikuonetsa mamilimita 11. Cha miyezi 12 yapitayo, mamilimita 10. Ndiye mndandanda wake ndi 10, 11, 12, 13. Aliyense amene anawerenga anayerekeza ndi chithunzi chongotha kumene, anapeza kusiyana kwa milimita imodzi, ndipo analemba moona mtima kuti palibe kusintha. Malipoti atatu, lililonse lolondola palokha, pamodzi akunena bodza. Zili ngati mwana amene mumakhala naye tsiku ndi tsiku, simuona kuti akutalika mpaka mlendo amene anamuona chaka chatha adabwe. N'chifukwa chake chithunzi chofunika kwambiri poyerekeza ndi chakale kwambiri chimene chinajambulidwa mofanana ndi cha lero. Chongotha kumene chimabwera pambuyo.

Mwina wina anganene kuti mamilimita 3 pa chaka si ambiri. Koma rula imayeza kupingasa, pomwe kachotupa kamakula mbali zonse ngati mpira. Kuchuluka kwa zimene zili mkati mwake kumatsatira kupingasako kutachulukitsidwa katatu. Kuchoka pa 10 kufika pa 13 ndi kuchulukitsa ndi 1.3, ndipo 1.3 kuchulukitsa ndi 1.3 kuchulukitsanso ndi 1.3 ndi pafupifupi 2.2. Kachotupa kaja kawirikiza kawiri ndi kupitirira. Nambala yosunga m'mutu ndi iyi: kupingasa kukawonjezeka ndi 26 peresenti, mkati mwawirikiza kawiri. Kwa kachotupa ka mamilimita 5, kuwirikiza konseko ndi milimita imodzi ndi kachidutswa, zimene diso silingaone pa ekisireyi wamba. Ndipotu tizotupa tating'ono chotero nthawi zambiri sitioneka n'komwe pokhapokha titalimba ndi kashiamu.

Nthawi imene kachotupa kamatenga kuti kawirikize kawiri imawerengedwa motere:

```
DT = t × log 2 / (3 × log(d2 / d1))
```

Apa t ndi masiku a pakati pa zithunzi ziwirizo, d1 ndi muyeso wakale, d2 ndi watsopano. Tikaika masiku 365, 10 ndi 13, timapeza masiku pafupifupi 320. Khansa zambiri za m'mapapo zimene zimaoneka ngati kachotupa kolimba, osati ka mbuu ngati nkhungu, zimawirikiza pakati pa mwezi umodzi ndi masiku 400. Chinthu chowirikiza m'masiku osakwana 20 nthawi zambiri chimakhala matenda a tizilombo kapena kutupa, monga chibayo chozungulira. Bambo wathu wagwera mkati mwa malire oopsawo, ndipo ndi wosuta, wazaka 58, kachotupa kali kumtunda kwa phapo.

Koma nambala ya 320 isatinyenge ndi kukongola kwake. Yesani kusuntha miyeso ndi milimita imodzi yokha. Ngati choona chinali 11 ndi 12, yankho limathawira kufupi ndi masiku 1,000. Ngati chinali 9 ndi 14, limatsikira pansi pa masiku 200. Chimene ekisireyi ikutiuza motsimikiza ndi mbali imene zinthu zikulowera, poti miyeso inayi yonse ikukwera, palibe umene watsika. Liwiro lake lenileni silingachokere pa zithunzi zimenezi. Komanso kukula pakokha sikutchula dzina la matenda: chifuwa chachikulu ndi matenda ena a mafangasi amapanganso tizotupa tokula pang'onopang'ono. Chotsatira ndi sikani ya CT, osati ekisireyi ina pakatha miyezi ina itatu.

Pali lamulo lakale lakuti kachotupa kakakhala zaka ziwiri kosasintha, si khansa. Linachokera ku nthawi ya ekisireyi wamba, m'ma 1950, ndipo likugwirabe ntchito pa tizotupa tolimba, bola ngati kusasinthako kwatsimikizika pa zithunzi zofanana, choyamba ndi chomaliza. Silikhudza tizotupa ta mbuu, tooneka ngati nkhungu pa CT, chifukwa mitundu ina ya khansa yotere imayenda pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Kukula sindiko kusintha kokha koyenera kulemba. Kachotupa kangakhale pa muyeso womwewo koma m'mphepete mwake mwayamba timinga, kapena pakati pake paboola phanga, kapena minyewa ya pamizu ya phapo yatupa. Mbali inayi, kashiamu wodzaza konse kapena wokhala pakatikati amaloza ku chipsera cha matenda akale.

Lipoti la bamboyu liyenera kunena zimene zayerekezedwa ndi mmene zinajambulidwira, kuti wowerenga pambuyo pake asayambirenso. Ine ndikanalemba chonchi: "Ndayerekeza ndi zithunzi za PA za miyezi 3, 7 ndi 12 yapitayo. Kachotupa ka kumtunda kwa phapo la kumanja lero n'ka mamilimita 13, pomwe kanali 12, 11 ndi 10. Kakukula pang'onopang'ono. Muyeso wa mamilimita 16 wa pa chithunzi cha AP cha masiku anayi apitawo sungayerekezedwe ndi enawa. Pakufunika sikani ya CT mwachangu." Mawu akuti "palibe kusintha" opanda tsiku limene akuyerekeza nalo ndimawaona ngati chiganizo chosamalizidwa.

Madzi ozungulira phapo ali ndi chinyengo chawochawo, chifukwa amayenda. Kachotupa kamakhala pomwe kali. Madzi amatsata kumene kuli kunsi. Munthu akaima, amayamba kudikha m'kangodya ka kumbuyo, pamene dayafulamu imakumana ndi nthiti, ndipo pa chithunzi cham'mbali amaoneka akafika mamililita pafupifupi 50. Kuti kangodya ka m'mbali kafufutike pa chithunzi cha PA pamafunika pafupifupi 200. Akachuluka amapanga mzere wokhota, wokwera cha kunthiti ngati madzi a m'mphepete mwa tambula. Munthu yemweyo akagona chagada, madziwo amayala kumsana konse monga amachitira m'beseni lopendekeka mukaliwongola.

Taganizirani mayi wodwala mtima amene Lolemba anajambulidwa ataima, madzi a kumanja akufika pa nthiti yachisanu ya kutsogolo. Lachinayi wafooka, ajambulidwa chogona. Mzere wokhota uja wasowa, kangodya kakuonekako, ndipo wina akuti mankhwala okodzetsa agwira ntchito. Yang'anani mbali ziwirizo pamodzi mutatalikirako pang'ono. Phapo lonse la kumanja laphimbidwa ndi chifunga poyerekeza ndi la kumanzere, koma mitsempha ya magazi ikuonekabe bwinobwino kudutsa chifungacho, zomwe sizichitika phapo lenilenilo likadzaza ndi chibayo. Nthawi zina pamwamba penipeni pa phapo pamakhala kachipewa koyera, pamene madzi akafika. Madzi sanapite kulikonse. Chovuta kwambiri ndi wodwala wotsamira, amene sanagone komanso sanakhale tsonga, chifukwa palibe amalemba kuti bedi linakwezedwa motani, ndipo madzi omwewo angaoneke mosiyana tsiku lililonse. Pa zithunzi zotere lipoti loona limangoti madzi alipobe, kuchuluka kwake sikungayerekezedwe chifukwa cha kagonedwe, ndipo sikani ya alutirasaundi ya pabedi pomwepo imayankha funsolo m'mphindi zochepa.

Zithunzi zonse zikakhala za woima, gwiritsani ntchito chizindikiro chimodzi chosasintha: nthiti yomweyo, yowerengedwa kuchokera pamwamba, ya kutsogolo kapena ya kumbuyo koma osasakaniza, kapena gawo la mbali ya chifuwa limene layera, monga limodzi mwa magawo atatu kapena theka. Onaninso mpweya, chifukwa wodwala akapanda kukoka bwino dayafulamu imakwera n'kunyamula madziwo, mzere n'kuoneka ngati wakwera ndi nthiti yathunthu. Kenako yang'anani njira ya mpweya ndi mtima. Madzi ochuluka amazikankhira mbali inayo. Kuyera kukawonjezeka koma njira ya mpweya n'kukokeredwa kumene kwayerako, si madzi awonjezeka, ndi phapo lafota, mwina chifukwa njira yake yatsekeka, ndipo kulowetsa singano pamenepo kuti mupope ndi kulakwitsa. Pambuyo popopa madzi, mzere wokhota ukasanduka wowongoka ngati wojambula ndi rula, ndiye kuti mpweya walowa pamwamba pa madziwo.

Madzi amathanso kubisala pansi pa phapo, pakati pa phapolo ndi dayafulamu, osakwera m'mbali. Chimaoneka ndi dayafulamu yokwera, nsonga yake itasunthira cha kunthiti. Kumanzere kuli mboni yabwino, kathovu ka mpweya ka m'chifu: mpata wa pakati pa kathovuko ndi m'munsi mwa phapo ukapitirira masentimita 2, ndipo pa chithunzi chakale unali wochepa, kaikirani madzi.

Ndiye pali malo amodzi pamene nkhani ziwirizi zimakumana. Mwa odwala mtima, madzi nthawi zina amatsekeredwa mu mng'alu wolekanitsa zigawo za phapo, kawirikawiri mng'alu wopingasa wa kumanja. Pa chithunzi cha kutsogolo amaoneka ngati chotupa chowulungika cha malire osalala, chimene mwezi watha panalibe. Chotupa chenicheni sichituluka pomwe panalibe kanthu n'kufika masentimita 4 m'masabata anayi, ndipo ichi chagona ndendende pa mzere wa mng'aluwo, nsonga zake ziwiri zikuwonda n'kulowa mumzeremo. Chithunzi cham'mbali chimaonetsa bwino maonekedwe amenewa. Wodwala akalandira mankhwala okodzetsa n'kujambulidwanso pakatha masiku angapo, mthunziwo umachepa kapena kusoweratu, ndipo mtima ukadzafookanso umatha kubwerera pamalo omwewo. Ukapanda kuchepa pomwe madzi ena onse aphwera, wodwalayo apite ku CT ngati bambo uja.